Foni m'neti: wakuba tulo weniweni ndani?

Mlamu wanga amaphunzitsa pasukulu ina ya pulaimale kunja kwa tauni, ndipo kuti akafike belu lisanalire amayenera kudzuka 5 koloko m'mawa. Chaka chatha anayamba kudandaula kuti akumasinza ali chiimire kutsogolo kwa ana, choko chili m'manja. Mnzawo wina anawauza kuti vuto ndi kuwala kwa buluu kochokera pafoni. Anasakasaka m'foni mpaka anapeza pomwe amasinthira mtundu wa sikirini kuti izioneka yachikasu usiku, n'kusintha. Patatha masabata awiri ndinawafunsa ngati tulo tabwerera.

"Alamu, palibe chasintha," anatero. "Kungoti tsopano zithunzi zonse zikuoneka ngati wina wazithira tiyi."

Nkhani ya kuwala kwa buluu si yabodza, kungoti anthu amaikulitsa. Kuti timvetse chifukwa chake mlamu wangayu sanathandizike, tiyambe taona zimene kuwala kumachita m'thupi. Tikatero tiwerengetse bwino kuti pa tulo timene ankataya, kuwalako kunkatenga tochuluka bwanji, ndipo totsalato tinkapita kuti.

Kumbuyo kwa diso kuli timaselo tolandira kuwala, ndipo tambiri timagwira ntchito yoti tizitha kuona. Koma chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 akatswiri anatsimikiza kuti pali tina tochepa timene ntchito yake yaikulu ndi kuyeza kuti kunja kwawala motani. Timaselo timeneti tili ndi chinthu chotchedwa melanopusini, chimene chimamva kwambiri kuwala kwa mtundu wa thambo lopanda mitambo, kumene poyeza amati kuli cha pa mananomita 480. Uthenga wa timaseloti umapita ku kagulu ka maselo mkatikati mwa ubongo kamene kamasunga nthawi ya thupi lonse, ngati wotchi. Wotchi imeneyi ikamva kuti kwada imalola kachiwalo kena ka muubongo, kofanana kukula ndi njere ya mpunga, kuti katulutse melatonini. Melatonini si mankhwala ogonetsa ngati mmene ena amaganizira. Ntchito yake ndi kulengeza m'thupi monse kuti usiku wafika, ndipo imayamba kukwera kutatsala maola awiri kapena atatu kuti ifike nthawi imene munthu anazolowera kugona. Kuwala kukalowa m'maso nthawi imeneyi melatonini imachedwa, ndipo zikachitika masiku angapo motsatizana wotchi yonse imasunthira kutsogolo, moti thupi limayamba kuyesa 11 koloko usiku ngati kuti ndi 9 koloko.

Sikirini ya foni ndiponso mababu oyera a masiku ano amatulutsa kuwala kumene kuli ndi buluu wambiri mkati mwake, ngakhale maso amangokuona ngati koyera. Mpaka apa mnzawo wa mlamu wanga ananena zoona.

Chimene sananene ndi kuchuluka kwa kuwalako. Kuwala amakuyeza mu malakisi. Kandulo imodzi ukakhala pa mtunda wa mita imodzi imakupatsa pafupifupi lakisi imodzi, ndipo ofesi yowala bwino imakhala ndi malakisi 300 mpaka 500. Panja masana, ngakhale pamthunzi wa mtengo wa mango, pamakhala malakisi masauzande, ndipo dzuwa likalunjika amafika 100,000. Foni ukaiwalitsa mpaka pamapeto n'kuiyandikitsa kumaso imakupatsa malakisi makumi ochepa chabe, ndipo ukaichepetsa amatsika kwambiri. Kawirikawiri babu loyera limene likuyaka padenga la chipinda limalowetsa m'maso kuwala kochuluka kuposa foni imene munthu akuida.

Kafukufuku amene anatchukitsa nkhaniyi anachitika ku Boston, ku America, ndipo anasindikizidwa mu 2015. Anthu 12 anawagoneka m'chipatala mmene kuwala konse kunali m'manja mwa ofufuza. Kwa masiku asanu otsatizana ankawerenga pa tabuleti yowalitsidwa mpaka pamapeto kwa maola anayi asanagone, ndipo masiku ena asanu ankawerenga buku la mapepala pa kuwala kochepa. Masiku a tabuleti melatonini yawo inatsika kupitirira theka, wotchi ya thupi inasunthira kutsogolo ndi ola limodzi ndi theka, ndipo m'mawa ankadzuka ali ndi tulo m'maso. Koma atayeza nthawi imene inkadutsa kuchokera pamene azimitsa magetsi kufika pamene tulo tawagwira, kusiyana kwake kunali mphindi 10 zokha. Ndiye kuti pambuyo pa maola anayi athunthu akuyang'ana sikirini yaikulu kuposa foni, yowala mmene ingathere, tulo tinangochedwa ndi mphindi 10.

Chaka chotsatira ofufuza a ku Uppsala, ku Sweden, anachita zofanana ndi anthu 14, koma anawonjezera chinthu chimodzi. Masana onse anthuwa ankakhala pa kuwala kwamphamvu kwa maola oposa 6, kenako madzulo ankawerenga kwa maola awiri pa tabuleti kapena m'buku. Pa tulo tawo sipanaoneke kusiyana. Diso limayerekeza kuwala kwa usiku ndi kumene linaona masana, choncho munthu amene watandala padzuwa, kaya kumunda, pamsika kapena akupalasa kabaza, kuwala kwa foni usiku kumakhala kochepa kwa iye. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi uja wotandala m'chipinda cha mdima wa chizimezime, makatani otseka, amene usana ndi usiku wake sizisiyana kwenikweni. Kwathu kuno dzuwa ndi laulere chaka chonse, ndiye uwu ndi mwayi umene anzathu a ku Sweden alibe nthawi yozizira.

Nanga kusandutsa sikirini yachikasu kuja, kumene pa iPhone kumatchedwa Night Shift ndipo pa mafoni ena kumalembedwa Night Light kapena Eye Care? Mu 2021 yunivesite ya Brigham Young ku America inagawa achinyamata 167 m'magulu atatu. Gulu loyamba linkagwiritsa ntchito foni ola lomaliza asanagone sikirini ili yachikasu, lachiwiri sikirini ili mmene imakhalira, ndipo lachitatu silinkagwira foni n'komwe. Pakati pa yachikasu ndi yamasiku onse sipanapezeke kusiyana pa tulo. Sindikunena kuti muichotse. Maso ena amapuma nayo ndipo siiwononga kanthu, koma musaiyese mankhwala. Kuchepetsa mphamvu ya kuwala kwa sikirini kumathandiza kuposa kusintha mtundu wake.

Ndiwonjezere kuti anthu safanana pa nkhaniyi. Ofufuza a ku Australia anapeza mu 2019 kuti pali anthu amene melatonini yawo imatsika ndi theka pa kuwala kochepa kwambiri kwa malakisi osafika 10, pamene ena amafunika malakisi mazana kuti zimenezi zichitike. Ana ndi achinyamata amamvanso kuwala kwa madzulo kuposa akuluakulu. Ndiye ngati inu mukuona kuti sikirini imakuumitsani m'maso, musadzikayikire chifukwa choti mnzanu amagona nayo bwinobwino.

Tsopano tibwerere kwa mlamu wanga tichite masamu. Mafoni ambiri a Android ali ndi malo otchedwa Digital Wellbeing, ndipo pa iPhone amati Screen Time, pamene pamaoneka nthawi imene foni inagwira ntchito ola lililonse. Tinatsegula limodzi Loweruka lina titakhala pakhonde. Iwo ankakhulupirira kuti amangoona foni "pang'ono" asanagone, koma foni inanena zina. Amalowa m'neti 9:30 usiku, foni amaiika pansi cha m'ma 11:40, ndipo mwa kuyerekeza kwawo tulo timabwera cha m'ma 12 koloko. Kudzuka ndi 5 koloko. Ndiye kuti amagona maola 5, pamene munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7. Ngongole yake ndi maola awiri usiku uliwonse, maola 10 kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu.

Pa maola awiri amenewa kuwala kunkatenga zingati? Tikatenga chiwerengero cha ku Boston chija, mwina mphindi 10, ndipo apa takukomera mtima kuwalako. Zambiri mwa zotsalazo, ola limodzi ndi mphindi 40 kuchokera 10 koloko mpaka 11:40, zinkapita chifukwa chosavuta kumva: munthu sangagone uku akuwerenga. Foni inangokhala pamalo pamene pakanakhala tulo. Ngakhale sikiriniyo ikanakhala yopanda buluu ngakhale pang'ono, 11:40 ikanawapezabe ali maso.

Chimene chimapangitsa kuti 9:30 isanduke 11:40 munthu osadziwa ndi kapangidwe ka zimene timaona. Nyuzipepala ili ndi tsamba lomaliza, sewero la pawailesi limatha, ndipo kandulo nayo imatha yokha n'kukulamula kuti ukagone. Koma TikTok, Facebook ndi timavidiyo tatifupi ta pa YouTube anazipanga dala kuti zisakhale ndi mapeto, ndipo sudziwa kuti chimene chikubwera pambuyo pa ichi ndi chotani. Zinayi zimakhala zopanda pake, chachisanu n'kukusekesa mpaka misozi, ndiye chala chimapitiriza kukankha kufunafuna chachisanu china. Kusadziwa kuti mphoto ibwera liti ndi kumene kumagwira munthu, monga mmene njuga imagwirira. Zimenezi zimachitika pa nthawi imene munthu watopa kwambiri, pamene mphamvu yodziletsa yatsala pang'ono. Kulonjeza masana kuti "lero ndisiya 10 koloko" n'kosavuta, koma wosunga lonjezolo ndi munthu wotopa wa 10 koloko usiku.

Palinso chifukwa china chimene sindikufuna kuchipeputsa. Mlamu wanga tsiku lonse amakhala wa anthu ena: ana 90 m'kalasi, mabuku ochonga, ana a kunyumba, achibale ofuna thandizo. Nthawi yokhayo imene imakhala yawoyawo ndi imene alowa m'neti. Munthu wotero ukamuuza kuti asiye foni, iye amamva kuti ukumulanda kampata kokhako kopumira. Kuwonjezera apo bandulo yotsika mtengo kawirikawiri imakhala ya usiku, ndipo netiweki imathamanga bwino anthu akagona. Wokonda mpira wa ku Ulaya naye amadziwa kuti masewero a pakati pa sabata, kumeneko kukakhala kozizira, amayamba 10 koloko usiku nthawi ya kuno n'kutha pafupifupi pakati pa usiku.

Tatsala ndi mphindi 20 zija zapakati pa kuika foni pansi ndi kugona, zimene masiku ena zinkafika ola lathunthu. Apa ndi pamene maganizo amalowa. Kuti munthu agone thupi limayenera kutsika: mtima uzigunda pang'onopang'ono, minofu imasuke, ubongo usiye kulondera. Uthenga umodzi ukhoza kubweza zonsezi. Pa gulu la WhatsApp la banja wina walemba mawu olasa okhudza ndalama za maliro, mwawerenga 11:35, simunayankhe, koma m'mutu mwayamba kale kulemba yankho, kulifufuta, kulilembanso. Kapena ahedi atumiza uthenga woti mawa kubwera oyendera sukulu. Kapena kubetcha kwanu kwatsala timu imodzi ndipo mpira uli m'mphindi zowonjezera. Thupi silisiyanitsa kwenikweni mkangano wa pafoni ndi wa pamaso. Limatulutsa mahomoni okonzekeretsa munthu kulimbana ndi vuto, ndipo amenewa sazima nthawi imodzi ndi sikirini. N'chifukwa chake mphindi zisanu za uthenga wokwiyitsa zikhoza kukuonongerani usiku kuposa theka la ola la kumvera nyimbo zofatsa pafoni yomweyo.

Pali msampha umodzi pomasulira zonsezi. Kafukufuku wa ku Norway wa mu 2025, wa ophunzira oposa 45,000, anapeza kuti ola lililonse la sikirini munthu atalowa kale pabedi limayendera limodzi ndi kuchepa kwa tulo ndi mphindi 24. Koma kafukufuku wotere sanena kuti chinayamba n'chiti. Ena sagona chifukwa agwira foni, ena agwira foni chifukwa tulo tawathawa kale. Munthu akhoza kudziyesa yekha poona zimene zimachitika akangoika foni pansi. Ngati tulo timabwera pasanathe mphindi 15 kapena 20, vuto lanu ndi nthawi basi, mukuchedwa kuika pansi. Ngati mumakhala maso m'mutu mukuzungulira zimene mwaona, vuto ndi mtundu wa zimene mukuona. Ngati mtima uli m'malo koma tulo kulibe mpaka 1 koloko, ndipo tsiku lopuma mumagona mpaka dzuwa kufika pamutu, ndiye kuti wotchi ya thupi yasunthira kutsogolo, ndipo apa m'pamene nkhani ya kuwala imakukhudzani kwenikweni. Koma ngati ngakhale popanda foni mumangotembenuka, masiku atatu kapena kuposa pa sabata kwa miyezi itatu, mpaka ntchito ya masana kusokonekera, limenelo ndi vuto la kusowa tulo lofunika kukaonana ndi a chipatala. Kubisa foni sikungalithetse.

Malangizo amene amamveka kawirikawiri ndi akuti foni izigona kunja kwa chipinda ndipo muziisiya kutatsala maola awiri. Amene anawalemba ayenera kuti ali ndi nyumba ya zipinda zambiri, wotchi ya pakhoma ndi magetsi osazima. Kwa ambiri a ife foni ndiyo tochi yopitira kuchimbudzi, ndiyo wailesi, ndiyo alamu yodzutsa. Mayi ali kumudzi akudwaladwala ndipo foni ya usiku ikhoza kukhala yofunika kuposa tulo. Kuisiya pabalaza pafupi ndi zenera ndi kuitana akuba. Lamulo losatheka limathyoka tsiku lachitatu, ndipo likathyoka munthu amabwerera ku zakale ndi mtima woti zonse n'zosathandiza.

Ife tinayambira kumapeto. Kudzuka ndi 5 koloko, zimenezo sizisintha. Maola 7 kubwerera m'mbuyo ndi 10 koloko. Kuchotsapo mphindi 20 zoti thupi litsike, foni iyenera kukhala itachoka m'manja 9:40. Tinagwirizana choncho, ndipo sabata yoyamba zinakanika. Mlamu anaika foni pansi 9:40 monga mwa pangano, n'kukhala akuyang'ana neti mpaka 11 koloko, kenako anaitenganso mokwiya. Kulakwa kunali kwathu. Kwa chaka chathunthu thupi linazolowera kugona pakati pa usiku, ndipo wotchi ya thupi sisuntha maola awiri tsiku limodzi. Choipa china n'chakuti kugona pabedi uli maso nthawi yaitali kumaphunzitsa ubongo kuti bedi ndi malo oganizira. N'chifukwa chake othandiza anthu osowa tulo amati pakatha mphindi 20 tulo tisanabwere ndi bwino kudzuka, kukakhala pampando pa kuwala kochepa, n'kubwerera pabedi maso akayamba kulemera.

Ulendo wachiwiri tinayenda pang'onopang'ono. Masiku anayi oyamba foni pansi 11:10, masiku anayi otsatira 10:40, kenako 10:10. Nthawi yodzuka inakhala 5 koloko mkati mwa sabata, ndipo Loweruka ndi Lamlungu osapitirira 6 koloko, chifukwa kugona mpaka 9 koloko Lamlungu kumabweza wotchi kumene yachokera. Kuwala kwa m'mawa kumakokera wotchi ya thupi m'mbuyo, choncho ulendo wawo wapansi wopita kusukulu dzuwa likutuluka unkawathandiza kale osadziwa. Tiyi wa madzulo anamusiyanso, popeza theka la kafeini limakhalabe m'magazi patatha pafupifupi maola asanu.

Chimene chinathandiza koposa ndi mtunda. Foni inasiya kugona pansi pa pilo, pamenenso si pabwino kuitchajira chifukwa imatentha, n'kuyamba kugona patebulo pafupi ndi khomo, kunja kwa neti. Kuti aigwire ayenera kufunyulula neti, kuponda simenti yozizira, n'kudzayalanso neti pobwerera. Ntchito imeneyi ndi yaing'ono, koma munthu wa tulo imamukwanira kuti aleke. Alamu ikalira m'mawa amakakamizikanso kudzuka kuti akaizimitse. Za mayi akumudzi tinazikonza ndi Do Not Disturb: mauthenga onse amakhala chete kuyambira 10 koloko, koma manambala a achibale ochepa amene anawasankha amalira, komanso aliyense woimba kawiri motsatizana foni imamulola. Magulu a WhatsApp a kuntchito ndi a banja anasiya kuwatsegula akadya chakudya chamadzulo, chifukwa nkhani imene sungaikonze usiku palibe chifukwa choidziwira usiku.

Kampata kawo kopumira sitinakachotse. Tinangokasuntha ndi kukapatsa mapeto. Timavidiyo amaonera atakhala pampando asanalowe m'neti, sikirini itachepetsedwa kuwala, babu loyera litazimitsidwa. Akafuna chowaperekeza kutulo amatsegula chomvera, ulaliki kapena nyimbo zimene anakopera kale masana, n'kutchera kuti chizime chokha pakatha mphindi 20, foni ili chafufumimba patebulo paja. Zimene akufuna kukopera ndi bandulo ya usiku amazitchera n'kuzisiya zikulowa zokha.

Sanafike pa 9:40 mpaka lero. Anaima pa 10:10, amagona cha m'ma 10:30, ndiye kuti amapeza maola 6 ndi theka m'malo mwa 5. Usiku wa mpira wa ku Ulaya pangano lonse limakhala pambali, ndipo m'mawa mwake amadziwa okha kuti akalowa m'kalasi maso ali ofiira. Sikirini yachikasu ija sanaichotse, akuti anazolowera zithunzi zothiridwa tiyi.